Ngakhale Yosesa

Bambo anga ndi a Firiji. Msewu wathu wonse umawaitana choncho, ngakhale ana amene anabadwa dzulodzuloli. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu ku fakitale ya mkaka, akusamalira zipinda zoziziritsira katundu, zija zokhala ndi chitseko chokhuthala zoti munthu ukalowamo wopanda jekete makutu amayamba kuwawa. Makina ankawadziwa ndi khutu. Ankatha kuima pakhomo la chipinda cha makompresa, n'kupendeketsa mutu pang'ono, n'kunena kuti yachitatuyo lamba wake watha, ndipo akatsegula ankapeza kuti ndi momwemodi. Chala chawo chamkombaphala chili ndi chipsera choyera pamene gasi anawaotcha ndili ku pulayimale. Sindinawamvepo akukalipira munthu. Pakamwa ine ndinatengera amayi, ndipo m'nyumba mwathu aliyense amadziwa zimenezo.

Fakitale ija itagulidwa ndi anthu ena, eni atsopanowo anaona kuti ndi bwino makina azikonzedwa ndi kampani yakunja, yongobwera ikaitanidwa. Bambo anabwera kunyumba ndi kalata yowathokoza ndi chikwama cha zida zawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Anayamba kukonza mafiriji a anthu pakhonde pathu, ndipo makasitomala sankasowa, koma ntchitoyo sankaikonda m'pang'ono pomwe. Anthu ankabwera ndi mafiriji onunkha nsomba, ena okhala ndi mphemvu kumbuyo, ena oti mwini wake anabaya ndi mpeni pofuna kuchotsa ayezi, kenako n'kumalumbira kuti inangosiya yokha. Bambo ankati firiji ya m'nyumba ndi chidole. Chimene ankafuna chinali chimodzi chokha, kubwerera m'chipinda cha makina enieni manja awo asanayambe kunjenjemera.

Ine ndine mwana wawo woyamba, ndipo ndimagwira ntchito polandirira alendo pa ofesi ya inshuwalansi. Makalata ndimaona tsiku ndi tsiku, olowa ndi otuluka, n'chifukwa chake bambo amandiseleula kuti a Sekeletale. Ndine ndinawatsegulira imelo, ndipo ndinaiika pa foni yawo ndi pa yanga yomwe, poti iwo amaiwala mawu achinsinsi sabata iliyonse. Kwa chaka ndi theka tinatumiza makalata ofunsira ntchito okwana mwina makumi atatu. Ambiri sanayankhe n'komwe. Kenako kampani ina yosunga nyama ndi mkaka, yokhala ndi nthambi ziwiri zosungira katundu, inalengeza kuti ikufuna mmisiri wa zipinda zoziziritsira, ndipo inawaitana.

Mafunso oyamba anali a pakamwa. Panali mayi woona za antchito ndi mkulu wa zamakina, ndipo bambo anabwerako akuti mayiyo ndi munthu waulemu, anawapatsa madzi ataona kuti akutuluka thukuta. Sabata yotsatira anaitana anthu atatu okha kuti akaonetse ntchito ya manja. Anawalowetsa mmodzimmodzi m'chipinda chimene sichinkazizira mokwanira. Awiri enawo ananena kuti gasi wachepa. Bambo anayang'ana kumbuyo kwa mafani, napeza ayezi ataunjikana mpaka mpweya kusowa podutsa, ndipo atayeza anapeza kuti waya wotenthetsa, umene umasungunula ayeziyo nthawi ndi nthawi, unapsa kalekale. Anauza mkulu uja kuti akathira gasi angotaya gasiyo pachabe. Mkuluyo anawagwira chanza ndi manja awiri. Tsiku limenelo bambo anatsika minibasi akuimba mluzu, ndipo amayi anayamba kale kuuza aneba kuti zinthu zikuoneka.

Yankho linafika Lachisanu masana, ndili pa ntchito. Ndinaliwerenga ndisanawauze. Linali la mizere isanu, m'Chingerezi chosalala chija chimene sichikhudza munthu paliponse. Ankathokoza chifukwa cha nthawi yawo, ankati anachita chidwi ndi luso lawo, koma asankha munthu wina amene ali ndi satifiketi yatsopano ya makina oyendetsedwa ndi kompyuta. Ankawafunira zabwino zonse. Ndinapsa mtima moti kasitomala wina atandifunsa kumene kuli chimbudzi ndinamuyankha ngati wandilakwira.

Loweruka m'mawa tinakhala patebulo la pabalaza, amayi atapita kumsika. Bambo anali atavala magalasi awo, foni ili patsogolo pawo, osaigwira. Anandifunsa ngati kalata yotere imayankhidwa. Ine ndinali nditalemba kale yankho langa, ndipo ndinawawerengera. Munali zonse. Ndinafunsa ngati satifiketiyo ndi imene inapeza waya wopsa, ndinafunsa chifukwa chake anayendetsa munthu wamkulu maulendo awiri pamene ankadziwa kale wolowa, ndipo ndinamaliza ndi kuwauza kuti chipinda chawo anawakonzera ulere. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati ndalemba bwino kwambiri, ndipo ndifufute.

Zoona zake ndinkadziwa ndekha kuti siingatumizidwe. Pa ofesi pathu ndinaonapo makalata aukali otere. Amawerengedwa mokweza nthawi ya tiyi, anthu n'kuseka, dzina la wolembayo n'kukumbukiridwa pa zifukwa zolakwika. Ndinaonaponso ena, ochepa kwambiri, amene bwana wathu amati asungidwe pafupi. Choncho ndinameza mkwiyo n'kuyamba kuwafotokozera. Choyamba ndinawaonetsa kuti kalatayo inachokera ku adiresi yongotumiza, yoti ukayankhako palibe amene amawerenga, ndiye tiyenera kulembera mayi woona za antchito uja pa adiresi yake, imene anatitumizira tsiku la mafunso. Pamutu pa kalata tiikepo dzina la ntchito ija kuti asavutike kukumbukira. Tisachedwe, pofika Lolemba aipeze. Ikhale yaifupi, yoti munthu aiwerenge ataimirira, ndipo musakhale kudandaula kapena kutsutsa chisankho chawo.

Ndinalemba m'Chingerezi, n'kumawamasulira mzere ndi mzere ngakhale amachimva bwinobwino. Mzere woyamba unkathokoza chifukwa chowadziwitsa komanso chifukwa cha mwayi wokumana nawo. Wachiwiri unkanena mosabisa kuti akanakonda kusankhidwa, koma akulemekeza chisankhocho. Wachitatu unkati anasangalala kuona chipinda chawo cha makina ndi kucheza ndi mkulu wa zamakina za vuto la ayezi lija. Umenewu ndinauika dala, kuti akumbukire amene anapeza vutolo popanda ife kudziguguda pachifuwa. Bambo anagwedezera mutu pa yonseyi. Anavomeranso kamzere kopempha kuti, ngati mayiyo angakhale ndi mpata, awauze satifiketi imene ingawathandize mtsogolo.

Tinakangana pa mzere wachinayi. Unkati ngati patapezeka malo ena a mmisiri wa zipinda zoziziritsira, kaya kuno kaya ku nthambi yawo inayo, akupempha kuti adzawaganizire, ndipo mapepala awo asungidwe pa ntchito imeneyo. Bambo anachotsa magalasi. Anati pamenepo pakumveka ngati akuwauza eni kampani zochita. Munthu amene wakanidwa dzulo sangabwere lero n'kumasankha mpando wokhalapo. Ndinawauza kuti mzere umenewo ndiwo mtima wa kalata yonse, kuti anthu a m'maofesi amasunga mapepala potengera ntchito imene munthu wapempha, ndipo ukapanda kuitchula sadziwa pokuika. Iwo anati ulemu sutero.

"Ulembe kuti ntchito ina iliyonse imene ingapezeke, ngakhale yosesa, ndine wokonzeka," anatero.

Ndinawafunsa ngati akufunadi kusesa. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, n'kunena kuti aliyense amadziwa kuti amenewo ndi mawu chabe. Ndi mmene analowera ku fakitale ya mkaka ali mnyamata. Anaima pakhomo la kapitawo, chipewa m'manja, n'kunena kuti ngakhale yosesa, bwana, ndipo kapitawoyo anaona kuti ndi munthu woleredwa, n'kuwapatsa sipanala. Palibe amene anawapatsa tsache. Ndi mmenenso amalankhulira kulikonse. Akapita kwa anthu amapempha ngakhale timadzi, akudziwa kuti tiyi abwera. Munthu umapempha zapansi kuti wokupatsayo akhale ndi mpata wokukweza yekha.

Ndinayesa, ndithu ndinayesa. Ndinati kapitawo uja ankawaona nkhope, ankaona manja awo, ankamva mmene mawuwo akutulukira. Imelo ilibe chipewa m'manja. Mawu amenewo akalowa m'Chingerezi amauma, amangotanthauza zimene akunenazo basi. Iwo anati ana a masiku ano timaganiza kuti kudzikweza ndi nzeru. Pamenepo pakamwa panga panatseguka. Ndinawauza kuti kudzichepetsa komweko n'kumene kunawasunga pa mpando umodzi zaka makumi awiri ndi zitatu, anthu amene iwo anawaphunzitsa kugwira geji yoyezera gasi akuwadutsa n'kukhala mabwana awo. Ndinanena zimenezo kwa bambo anga, m'nyumba mwawo, tsiku lotsatira atakanidwa ntchito. Ndinakankhira foni kwa iwo n'kuti alembe okha poti akudziwa bwino, ndipo ndinatuluka kukachapa.

Ndili pa mpopi ndinkawaona pawindo atawerama, akulemba ndi chala chimodzi. Zinawatengera pafupifupi ola. Ndikanatha kulowa nthawi ina iliyonse, koma ndinkafuna kuti andiitane okha, ndipo iwo sanandiitane. Foni yanga italira m'thumba ndinadziwa kuti yapita. Ndinapukuta manja n'kuwerenga. Mizere yanga itatu yoyambirira inalipo mmene ndinailembera. Wachinayi anaufufuta wonse, mawu oti mmisiri osatsalamo, ndipo m'malo mwake munali mawu awo aja, olembedwa mosamala, opanda cholakwika ngakhale chimodzi. Lolemba mayi uja anayankha mizere iwiri, kuti wakhudzidwa ndi kalatayo ndipo asunga mapepala awo. Anatchulanso dzina la kosi yopezera satifiketi ya makina a kompyuta ija. Bambo anandionetsa yankholo, nkhope yawo ikuti waona.

Anayamba kosiyo, Loweruka lililonse, atakhala pakati pa anthu a msinkhu wanga. Ankabwerako ndi kope lodzaza, n'kumadandaula kuti makinawo ndi omwe aja, angowaveka magalasi. Ine ndi iwo tinkalankhulana bwinobwino, za magetsi, za mvula, za mchimwene wanga amene ali ku koleji. Za Loweruka la mkangano lija palibe anazitchulanso, ndipo ine sindinapepese.

Patatha miyezi inayi kunabwera imelo ina yochokera kwa mayi yemwe uja. Nditaona dzina la kampani ndinaimirira pa desiki. Ankati sanaiwale kalata yawo yabwino ija, ndipo tsopano papezeka malo. Ndinawerenga dzina la ntchitoyo katatu. Inali ya wokonza m'malo osungira katundu: kusesa, kukolopa, kutsuka mashelefu ndi pansi m'zipinda zoziziritsira. Akavomera ayambe tsiku loyamba la mwezi.

Nthawi ya nkhomaliro ndinatuluka panja n'kuimbira mayiyo. Ndinali nditakonzeka kumenya nkhondo, koma mawu amene anandiyankha anali a munthu wotopa, wokoma mtima, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Ndinadzitchula kuti ndine mwana wawo. Anati za munthu wofunsira ntchito sakamba ndi achibale, koma poti ndaimba andiuza pang'ono. Mwa anthu onse amene anawakana ulendo uja, bambo okha ndi amene anayankha, ndipo kalata yawo anaionetsa kwa anzake mu ofesi. Mzere wa kusesa uja unamudabwitsa, poti anaona yekha luso lawo, koma anaganiza kuti kunyumba zinthu zathina kwambiri, munthu wamkulu ngati ameneyo sangalembe choncho popanda chifukwa. Ndiye anaika mapepala awo m'gulu la ofuna ntchito iliyonse, poti kumeneko malo amapezeka msanga. Anati wokonza wawo wakale atangopuma, iye anamenyera nkhondo kuti malowo asapite kwa wina.

Ndinafunsa ngati ntchito ya ummisiri ingadzapezekenso. Anati inapezeka kale, mwezi wathawu, ku nthambi yawo inayo. Sanailengeze n'komwe, poti ankafuna munthu mwachangu. Iye anali pa tchuthi, ndipo woyang'anira nthambiyo, amene bambo sanakumane naye, anangopempha wina wa mu ofesi ya mayiyo kuti amupatse mayina a m'gulu la amisiri. Dzina la bambo munalibe. Anatenga mmodzi mwa awiri aja amene ananena kuti gasi wachepa.

Sindikumbukira mmene ndinatsazikira. Ndinakhala pa khoma la poimika magalimoto mpaka nthawi ya nkhomaliro inatha, ndikutukwana chamumtima mayiyo, kampaniyo, kapitawo wakufa kale uja ndi sipanala yake. Koma wondinyansa kwambiri ndinali ine. Ndinkadziwa chimene mzere uja ungachite, ndipo ndinaima pa mpopi ola lathunthu ndikuchapa malaya oyera kale.

Madzulo ndinawapeza pakhonde atagwada kumbuyo kwa firiji ya mayi wina wogulitsa zoziziritsa kukhosi. Imelo anali ataiona. Ndinawauza zonse zimene ndinamva, kuphatikizapo za ntchito imene inawadutsa, chifukwa ndinaona kuti kubisa kukhala kuwanyoza kawiri. Anamvetsera akupukuta sikuludilaiva. Ndinati tingathe kukonza. Tilembe kalata ina yaulemu, tithokoze, tinene kuti ntchito iyi ayi, koma mapepala awasamutsire ku gulu la amisiri, ndipo kosi ija atsala pang'ono kumaliza. Palibe amene angakhumudwe ndi kalata yotere. Anandifunsa kuti malo a amisiri pa kampani ngati ija amatseguka kangati. Ndinati sindikudziwa. Anati iwo akudziwa. Awiri alowa chaka chino, onse achinyamata, ndiye wotsatira adzafunika iwo atakwanitsa zaka zopumira.

"Komanso ndinalemba ndekha," anatero. "Mayi wa ku kampani uja wandivutikira. Ndikamuuze kuti ndinkangonena?"

Ndinati inde, amuuze zomwezo. Anapukusa mutu. Munthu amene wanena kuti ngakhale yosesa, n'kukana tsache likabwera, ndiye kuti ulemu wake unali wabodza kuyambira pachiyambi, ndipo iwo sanakhalepo wabodza. Anawonjezera, akuyang'ana firiji ija osati ine, kuti mwina akakhala m'katimo mkulu wa zamakina adzawaona tsiku lina n'kukumbukira. Sindikudziwa ngati ankakhulupirira zimenezo. Ine sindinkakhulupirira, poti munthu akakuzolowera uli ndi mopu m'manja sakuonanso mwanjira ina, koma ulendo uno ndinatseka pakamwa.

Yankho analemba okha, ndipo anangondipempha kuti ndione ngati zilembo zili bwino. Linali lalifupi, laulemu, lotumizidwa kwa munthu woyenera tsiku lomwelo, zonse monga ndinawaphunzitsira. Ankathokoza powakumbukira. Ndinapeza kachilembo kamodzi kosowa, ndinakaika, ndipo ndinadina ndekha kuti ipite. Ndisanadzuke anandigwira mkono n'kunena motsitsa mawu kuti amayi ndingowauza kuti aitanidwa ku zipinda zoziziritsira. Ndinati chabwino. Bodza silinali, poti m'zipinda momwemo ndi mmene amakolopa.

Tsopano papita miyezi isanu ndi iwiri. Amadzuka m'mamawa, amanyamula kachikwama ka chakudya, ndipo aneba amawapatsa moni wa anthu apantchito. Amayi anauza aliyense kuti a Firiji abwerera ku makina. Nthawi zina bambo amandiuza tili awiri kuti kompresa yachiwiri ikulira molakwika, anauzako mmisiri wa pamenepo, ndipo iye anawathokoza n'kuwapempha kuti akamaliza akolopenso pakhomo la chipinda cha makina, pamene panatayikira madzi. Mkulu wa zamakina uja amawapatsa moni mwaulemu akakumana m'khonde. Satifiketi ya kosi ija inatuluka, ili mu envelopu pamwamba pa kabati.

Lamlungu lapitali ndinapeza amayi akuchapa ovolosi ya bambo kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pambali kuti ndiwathandize kufinya. Anaitembenuza, anayang'ana m'mawondo, m'manja ndi pachifuwa, malo onse amene kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ankalimbana nawo ndi burashi kuchotsa girisi. Inali yoyera, yongonunkha mankhwala okolopera pansi. Anaiviika m'madzi kawiri n'kuitulutsa.

"Makina a masiku ano ndi aukhondo bwanji," anatero amayi, osandiyang'ana. Kenako anandipatsa mbali imodzi, iwo n'kugwira inayo, ndipo tinafinya.